Nambala 99 imene ndinaiona nditatumiza kale

Ntchito yanga ndinaitumiza Lachisanu nthawi ili 3:40 masana, ndili m'kachipinda ka lendi ku Matawale, thukuta lili kamukamu ndi dzuwa la Okutobala. Bungwe lina lochita kafukufuku kuno ku Zomba linkafuna munthu wosamala deta, ndipo ife amene makalata athu anawakomera anatitumizira mayeso ochitira kunyumba. Anatipatsa fayilo ya Excel ya mabanja 240, kabuku ka masamba atatu kofotokoza tanthauzo la manambala a m'fayilomo, ndi mafunso asanu. Nthawi inali maola 48, kutseka 5 koloko madzulo a Lachisanu lomwelo. M'kalata yawo analemba kuti atiyankha pakatha masiku 10 ogwira ntchito.

Mayeso otere si achilendo kwa wofuna ntchito mu mzinda uno. Likulu la National Statistical Office lili kuno, University of Malawi ili kuno, ndipo mabungwe ochita kafukufuku m'midzi ya ku Domasi, ku Jali ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa sasowa. Aliyense pa CV yake amalemba kuti Excel amaidziwa, ndiye olemba ntchito anasiya kukhulupirira pepala. Amafuna aone ndi maso zimene manja ako angachite. Za kukonzekera mayesowo anthu amalangizana kwambiri. Zimene sindinamvepo wina akundiuza ndi za masiku otsatira, fayilo itapita, mtima uli m'mwamba. Masiku amenewo ndiwo ndikufuna kufotokoza, chifukwa ine ndinawayenda ndili ndi cholakwika chachikulu m'manja.

Choyamba chimene ndinachita usiku womwewo chinali chaching'ono, koma mpaka lero ndimauza aliyense kuti achichite. Ndinatsekula Gmail n'kuona ngati imelo yanga ili mu `Sent`. Netiweki ikamavuta, foni imatha kusunga uthenga mu `Outbox`, iwe uli phee kuganiza kuti wapita, ndipo umadzanyamuka m'mawa nthawi yotseka itadutsa. Yanga inali itapita. Ndinaonanso ngati palibe uthenga wobwerera wochokera ku `Mail Delivery Subsystem`, umene umabwera ukalakwitsa adiresi. Panalibe. Fayilo yanga inali yaing'ono, choncho inapita yomatidwa ku imelo. Ikanapitirira 25 MB, Gmail ikanaiika pa Google Drive n'kutumiza linki yokha, ndipo pamenepo pali msampha wina: linki ikakhala pa `Restricted`, munthu amene wapatsiridwa imelo yako kuti achonge amapeza chitseko chokhoma. Wochonga mapepala 30 sakhala ndi nthawi yokupempha kiyi.

Loweruka m'mawa kunabwera achemwali anga ochokera ku Chinamwali. Iwo anagwirako ganyu yowerenga anthu pa kalembera wa mu 2018, ndiye nkhani za mafomu a kafukufuku amazidziwa. Ndinawapatsa foni kuti aone lipoti langa la tsamba limodzi, osati kuti alikonze, koma chifukwa ndinali wonyadira. Anawerenga mzere woyamba n'kuima.

"Achimwene, mabanja ake a kuti amenewa? Mwalemba kuti banja limodzi limakhala ndi anthu pafupifupi 7."

Ndinati ndi zimene deta yanena.

"Kalembera uja anapeza 4.4 dziko lonse. Kumudzi mabanja akuluakulu alipo, koma kuti avereji ya mabanja 240 ifike 6.9, pali china. Taonaninso."

M'mimba munandiwira pomwepo. Ndinatsekula laputopu, n'kufunsa Excel nambala yaikulu kwambiri mu kolamu ya `hh_size`, ya chiwerengero cha anthu pa banja, kenako kuti nambalayo ikupezeka kangati.

```
=MAX(D2:D241)
=COUNTIF(D2:D241,99)
```

Yoyamba inabweza 99. Yachiwiri inabweza 6. Pa tsamba lachiwiri la kabuku kaja panali mzere umene ndinaudumpha powerenga mothamanga: 99 akutanthauza kuti wofunsidwa sanayankhe. Ine ndinali nditawerenga mabanja 6 ngati kuti lililonse lili ndi anthu 99. Mabanja 234 otsalawo anali ndi anthu 1,053 onse pamodzi, kutanthauza 4.5 pa banja. Ma 99 asanu ndi limodziwo anawonjezera 594, ndipo 1,647 kugawa ndi 240 ndi imene inandipatsa 6.9 ija. Olemba mayeso anaika manambalawo dala. Unali msampha weniweni wa mayeso onsewo, ndipo ndinagweramo ndi miyendo yonse.

Batani la `Undo`, lobweza imelo imene wangotumiza mu Gmail, limakupatsa masekondi 30 basi ukalitchera pa nthawi yaitali kwambiri. Ine panali patadutsa usiku wathunthu. Madzi akatayika saoleka, koma ndinali ndi njira zingapo patsogolo panga, ndipo ndinazisinkhasinkha zonse m'mawa umenewo.

Ndikanatha kukhala chete n'kuyembekeza kuti sakaona. Koma munthu amene anatchera 99 ndi dzanja lake ndiye woyamba kukayang'ana pamenepo. Kukhala chete kukanangowauza kuti mpaka lero sindikudziwa kuti ndinalakwitsa. Ndikanathanso kutumiza fayilo yokonza ndi mawu akuti "chonde gwiritsani ntchito iyi, yoyamba ija inapita molakwika". Ambiri amatero, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, koma ndi bodza laling'ono limene limaoneka msanga. Wochonga akaika mafayilo awiriwo pamodzi amaona kuti yachiwiri si ina yoiwalika, ndi yomwe ija yokonzedwa nthawi itatha. Amene anatumiza linki ya Google Sheets ndiye amayesedwa kwambiri, chifukwa angathe kulowa n'kusintha mwakachetechete popanda kutumizanso kanthu. Koma `Version history` imasunga tsiku ndi ola la kusintha kulikonse, ndipo tsiku la fayiloyo limaoneka. Pa ntchito ya deta, munthu wosintha manambala mobisa ndi woopsa kuposa wolakwitsa, chifukwa cholakwika chimakonzeka, pomwe zobisa sudziwa kuti zilipo zingati.

Njira ina inabwera ndi amalume, amene achemwali anawafotokozera pa foni. Anati amapemphera mpingo umodzi ndi mkulu wina wa ku bungwelo, ndipo Lamulungu akhoza kumukokera pambali. Anali kunena ndi mtima wabwino, ndipo ndinawathokoza, koma ndinawapempha kuti asatero. Zomba ndi yaing'ono. Munthu wochonga mayeso ako mukumana naye mu msika pogula mbatata, mukwera naye minibasi imodzi yopita ku Limbe. Ukatumiza wachibale, umamuika pa mpanipani: akakuthandiza wachita zokondera, akakana wanyoza mnzake wa ku tchalitchi. Ambiri oona mtima amadziteteza pongokuchotsa pa mndandanda. Komanso nkhani yanga sinali yofuna mkhalapakati. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndiye ndinasankha kulemba ndekha. Koma ndisanalembe ndinatha maola awiri ndikutsata paliponse pamene 99 uja anaponda, ndipo ichi ndi chimene ndimaona kuti chinali chofunika koposa. Cholakwika cha mu deta sichikhala malo amodzi. Funso lachinayi linkafuna ndalama zimene banja limagwiritsa ntchito pa mwezi, pa munthu mmodzi. Ndinali nditagawa ndalama za banja ndi `hh_size` yomweyo. Banja lina logwiritsa ntchito K198,000 pa mwezi linatuluka ndi K2,000 pa munthu, ndipo linagwera m'gulu la osaukitsitsa pamodzi ndi mabanja ena asanu aja. Choncho tebulo langa la funso lachinayi nalo linali lolakwika, ndi chiganizo chimodzi cha mu lipoti chimene chinatsamira pa tebulolo. Ndinayang'ananso makolamu ena onse ngati muli manambala oimira kusayankha, ndipo ndinapeza kuti kwinako ndinali nditachotsa bwino. Mwayi wokonza ndi umodzi. Ukatumiza uthenga wokonza Loweruka, wina Lamulungu, wina Lolemba, ukuonetsa kuti sudziwa pamene ntchito yako yathera. Avereji yoyenera ndinaipeza motere:

```
=AVERAGEIF(D2:D241,"<>99")
```

Uthengawo ndinaulemba podina `Reply` pa imelo yomwe ndinatumizira ntchito, kuti zonse zikhale pa ulusi umodzi ndipo wowerenga asavutike kufufuza kuti ndine ndani. Ndinalemba m'Chingerezi monga mmene makalata a ntchito amakhalira, koma mawu ake anali awa:

"Zikomo chifukwa cha mwayi wolemba mayesowa. Nditatumiza dzulo, ndapeza cholakwika mu ntchito yanga. Mu kolamu ya `hh_size` ndinawerenga 99 ngati chiwerengero cha anthu, pomwe kabuku kanu kakuti ndi chizindikiro cha kusayankha. Mizere yokhudzidwa ndi 6. Yankho la funso 2 liyenera kukhala 4.5, osati 6.9, ndipo pa funso 4 mabanja 6 amenewo sayenera kukhala m'gulu la pansi. Mafunso 1, 3 ndi 5 sanakhudzidwe. Ndikudziwa kuti nthawi inatha, ndipo ndikumvetsa ngati muchonga fayilo yoyamba yokha. Yokonza ndaimata pano kuti muone zimene ndasintha. Malo osinthidwa ndawapaka chikasu."

Basi. Sindinanene za magetsi amene anathima Lachinayi usiku, ngakhale anathimadi, kapena za bandulo imene inandithera. Magetsi sindiwo anadumpha tsamba lachiwiri la kabuku. Zifukwa zotere zikalowa m'kalata, wowerenga amayamba kuyeza zifukwazo m'malo moyang'ana zimene wakonza. Sindinapepesenso kambirimbiri. Kwathu timakonda kudzichepetsa, kugwada ndi mawu, "pepani bwana, ndichitireni chifundo", ndipo pamaso pa akuluakulu ndi ulemu wabwino. Koma m'kalata iyi kupepesa kochuluka kumakwirira mfundo, ndiponso kumasenzetsa wowerenga ntchito yokutonthoza. Fayilo yatsopano ndinaitcha dzina lomwe lija n'kuwonjezera `_v2_corrected` kumapeto, kuti isasokonezeke ndi yoyamba. Ndinatumiza Loweruka lomwelo cha m'ma 2 koloko. Ena akanadikira Lolemba poopa kusokoneza anthu pa tsiku lopuma, koma imelo siimba belu pakhomo pa munthu, ndipo ndinkafuna ifike kuchonga kusanayambe. Cholakwika chimene waulula wekha wochonga asanachione chimalemera mosiyana ndi chimene waulula atachizunguliza kale ndi cholembera.

Si cholakwika chilichonse choyenera uthenga wotere, ndipo apa ndipamene anzanga ena amapitirira muyezo. Mu lipoti lomwelo ndinapezamo liwu limodzi lolembedwa molakwika ndi mutu wa tebulo wopendekeka. Sindinazitchule. Muyezo wanga ndi wakuti: kodi munthu atatenga ntchito yanga n'kupanga nayo chiganizo, cholakwikachi chingamusocheretse? Nambala ya 6.9 ikanasocheretsa aliyense wogula chakudya kapena maneti a udzudzu a mabanja amenewo. Chilembo chosowa sichisocheretsa munthu. Palinso mayeso amene amalembedwa pa tsamba la pa intaneti lotseka lokha nthawi ikakwana, kapena amene malangizo ake anena poyera kuti salandira chilichonse pambuyo pake. Pamenepo fayilo yachiwiri usamate. Ngati ulemba, ungonena cholakwikacho m'ziganizo ziwiri, apo ayi uchisunge kuti ukachitchule wekha pa intavyu.

Yankho silinabwere. Lolemba linadutsa, sabata yonse inadutsa, ngakhale mawu oti talandira. Apa ndipamene mtima umakunyenga. Foni ndinkaiyang'ana ngakhale pakati pa usiku. Mayi anga ankati ndingopita ku ofesiko ndikaonekere, poti "munthu amakumbukidwa ndi nkhope". M'nthawi yawo, ntchito za m'boma zikadali zambiri kuno likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, mwina zinkathekadi. Koma pa mayeso ochongedwa, nkhope yako pa geti imangouza alonda ndi a pa tebulo lolandirira alendo kuti ulipo. Siifika kwa wochonga, ndipo ikafika imafika ngati chikakamizo. Nambala ya foni ya mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito inali pansi pa imelo yake, ndipo ndikanatha kumupeza pa WhatsApp. Sindinatero, chifukwa iwo anandipeza pa imelo, ndipo njira imene akulankhulira ndi imene umayankhira. Akanakhala kuti mayeso anawatumiza pa WhatsApp, ndikanalemba pomwepo, nthawi ya ntchito, uthenga umodzi wathunthu, osati "Moni bwana" wokha n'kudikira kuti afunse chimene ndikufuna.

Chimene chinandigwira mtima pansi chinali kalendala. Anati masiku 10 ogwira ntchito, osati masiku 10. Ndinayamba kuwerenga Lolemba lotsatira, kudumpha Loweruka ndi Lamulungu, kudumphanso 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, limene chaka chimenecho linagwa Lachiwiri. Tsiku lakhumi linakhala Lolemba la sabata yachitatu. Ndikanawerenga mwachisawawa ndikanayamba kudandaula sabata yathunthu nthawi yawo isanakwane. Litadutsa Lolembalo ndinawonjezera tsiku lina, n'kulemba Lachitatu m'mawa, pa ulusi womwe uja. Uthengawu unali waufupi kuposa woyamba: ndinakumbutsa dzina la ntchito ndi tsiku limene ndinatumiza, ndinati ndikadali ndi chidwi, ndipo ndinafunsa funso limodzi loyankhika, lakuti kodi akuyembekeza kumaliza liti gawo limeneli. Sindinafunse kuti "ndakhoza kodi", chifukwa wolandira imelo kawirikawiri si wochonga, ndipo ngakhale atadziwa saloledwa kuuza mmodzi ena asanamve. Funso la tsiku ndi limene angayankhe ali pa desiki lake popanda kupempha chilolezo kwa wina.

Anayankha tsiku lomwelo masana. Anati mmodzi mwa ochonga anali kumudzi ndi gulu lotolera deta, abwerako Lachisanu, ndipo timva sabata yotsatira. Masabata awiri ndi theka ndinkaganiza kuti chete wawo ndi chiweruzo pa 99 wanga, pomwe unali chete wa munthu amene ali kumunda wa kafukufuku kopanda netiweki yabwino. Ndinayankha ndi mzere umodzi wothokoza ndipo sindinalembenso. Ndinali nditadziuza kale kuti akapanda kuyankha, ndidzalemba kamodzi kokha pakatha sabata ina, kenako ndidzatseka nkhaniyo mumtima n'kupitiriza kufunsira kwina, monga ndinkachitira kale masiku onsewo.

Anandiitana ku intavyu. Tinali anayi. Nditangokhala pansi, mayi wina wa pa gululo anatulutsa imelo yanga ya Loweruka itasindikizidwa pa pepala n'kundifunsa kuti ndinachipeza bwanji cholakwikacho. Ndinanena zoona, kuti achemwali anga ndiwo anadabwa ndi nambalayo poiyerekeza ndi ya kalembera, ndipo ine ndinatsata mpaka kupeza gwero lake. Ndinaganizapo zobisa dzina la achemwali, poopa kuti anganene kuti ndinathandizidwa, koma iwo anaona lipotilo nditatumiza kale, ndipo masiku a pa imelo ankachitira umboni. Anandifunsa chimene ndingachite kuti zisachitikenso. Ndinati ndisanawerengetse chilichonse ndiziyamba ndaona nambala yaikulu ndi yaing'ono ya kolamu iliyonse, kabuku kali pambali, ndipo yankho ndiziliyerekeza ndi nambala yodziwika kale. Anandiuza mosabisa kuti anachonga fayilo yoyamba, chifukwa kuchonga yachiwiri kukanalakwira anzanga amene anasunga nthawi, ndipo malikisi a funso 2 ndi funso 4 ndinataya. Ndinali pa malire, wachinayi kapena wachisanu, ndipo posankha pakati pa awiri ofanana malikisi anatenga amene analemba uthenga uja.

Ntchito yokhazikikayo anapatsa mtsikana wina amene sanagwe mu msampha wa 99, ndipo inali yake ndithu. Ine anandiimbira patatha mwezi ndi kontirakiti ya miyezi itatu yoyeretsa deta ya kafukufuku wina, imene inadzawonjezeredwa kawiri.

Pa ntchito imeneyo ndinapemphedwa kamodzi kuthandiza kuchonga mayeso a ofuna ganyu yotolera deta, ndipo ndinaona nkhaniyi kuchokera tsidya linalo. Mafayilo anali mulu, ochonga tinali awiri, aliyense ali ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, ndipo kuchonga kunkachitika madzulo anthu ataweruka. Ndinamvetsa chifukwa chake masiku 10 amasanduka 15 popanda wina kufuna zoipa. Mauthenga otsatira anabwera amitundumitundu. Mnyamata wina analemba masiku anayi otsatizana kufunsa ngati pali nkhani, ndipo mnzanga anafika poloweza dzina lake mosakondwa. Wina anatumiza linki yokhoma ndipo sanafunsepo ngati yatseguka. Tinamulembera, koma anayankha patatha masiku asanu titamaliza kale, ndipo zinandipweteka chifukwa sindinaone n'komwe zimene anachita. Mtsikana wina wa ku Sadzi analemba m'mawa wotsatira tsiku lotseka kuti pa tebulo lake lachiwiri anawerenga kawiri nyumba zitatu, anatchula manambala a mizere yake, ananena yankho loyenera, n'kuwonjezera kuti akudziwa kuti nthawi inatha. Ndinatsekula fayilo yake yoyamba, ndinapita pa mizere imene anatchula, ndipo nyumba zitatuzo zinalidi pomwepo. Ndinachotsa malikisi a funso limenelo monga anandichotsera ine, kenako ndinasindikiza imelo yake n'kuimata pamwamba pa pepala lake lisanapite kwa oitana anthu ku intavyu.